Kupeza zaka za chithunzi chakale kuti mudziwe amene anajambulidwa

Mabanja ambiri ali nacho chithunzi chotere. Chimapezeka pansi pa sutikesi maliro atatha, chakuda ndi choyera, kumbuyo kopanda dzina, kopanda chaka. Wina akuti ndi agogo ali mtsikana, wina akuti ayi, ndi ang'ono awo, mkangano n'kuthera pa mphuno ndi milomo. Vuto lili pomwepo, chifukwa anthu a bere limodzi amafanana, ndipo mayi ali ndi zaka 22 amaoneka ngati mwana wake wamkazi akafika msinkhu womwewo. Nkhope isiyeni kaye, mudzaibwerera kumapeto. Yambani ndi kufufuza zaka zimene chithunzicho chinajambulidwa. Mukazipeza, ambiri mwa amene mumawaganizira amatuluka okha mumpikisano, ena chifukwa anali asanabadwe, ena chifukwa anali atakula kale.

Ndigwiritsa ntchito chithunzi cha kwathu ngati chitsanzo. Pali mayi wachitsikana atakhala pampando, khanda lili pamiyendo, bambo ataimirira pambali dzanja lili paphewa la mayiyo. Kwa zaka zambiri tinkauzana kuti ndi agogo aakazi ndi amayi aakulu, mwana wawo woyamba, amene anabadwa mu 1955. Tinkalakwitsa ndi zaka pafupifupi 17.

## Zofunika kukonzeratu

- Tebulo louma, loyalapo nsalu yoyera, pafupi ndi zenera koma posafika dzuwa.
- Foni yokhala ndi kamera, yojambulira mbali zonse ziwiri ndi kukulitsira tinthu ting'onoting'ono.
- Lula ya masentimita.
- Kope ndi pensulo. Bolopeni ikhale kutali ndi chithunzi.
- Katochi ka kuwala kwa buluu kamene amayesera ndalama zachinyengo m'masitolo, ngati mungabwereke. Mukakasowa ntchito iyendabe.
- Zithunzi zina zonse za m'banjamo, makamaka zolembedwa chaka.
- Mapepala osonyeza zaka zobadwa za abale: makadi a ubatizo, a kusikelo, ziphaso zakale, mtchatho wa ukwati.

Sambani m'manja ndi sopo, muumitse bwino, ndipo chithunzi muzichigwira m'mbali.

## 1. Jambulani mbali zonse, kenaka gawani tsamba pawiri

Musanachite china chilichonse jambulani chithunzicho ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo, m'mphepete monse mukuoneka, lula ili pambali pake. Zambiri muziona pafoni pomwepo, chenichenicho chisamagwidwegwidwe.

M'kope jambulani mzere pakati pa tsamba. Kumanzere lembani mutu woti "Sichingakhale cha kale kuposa", kumanja "Sichingapitirire". Chizindikiro chilichonse chimene mupeze chilowa mbali imodzi mwa ziwirizi pamodzi ndi chaka chake. Mbali ya kumanzere ndi yodalirika, chifukwa chinthu sichingaoneke pachithunzi chisanapangidwe. Ya kumanja ndi yoterera, chifukwa chinthu chikapangidwa anthu amakhala nacho zaka zambirimbiri. Kumanzereko, chaka chimene mutsatire ndi chaposachedwa kwambiri pa zonse. Zizindikiro zisanu zikaloza ku 1955 koma chimodzi chotsimikizika n'kuloza ku 1970, chimodzicho ndiye chapambana.

Chenjezo: chithunzi chikakhala chomatidwa mu alubamu kapena chakakamira pagalasi la felemu, musachikoke. Chidindo chimene mukufunacho chimatsalira pa guluu, kapena nkhope imatsalira pagalasi. Ikani tochi ya foni kuseri kwa tsambalo m'chipinda chamdima, nthawi zina zolembazo zimaonekera.

## 2. Werengani kumbuyo musanayang'ane kutsogolo

Kumbuyo n'kumene kumakhala umboni wolimba. Funani zinthu zitatu: dzina la malo pa chidindo cha situdiyo, mtengo wolembedwa ndi pensulo, ndi dzina la kampani yopanga pepala.

Mayina a malo anasintha m'zaka zodziwika. Chidindo cholembedwa Nyasaland chinapangidwa dziko lisanalandire ufulu pa 6 Julaye 1964. Chimodzimodzi Northern Rhodesia, amene anasanduka Zambia mu Okotobala chaka chomwecho. Mayina monga Fort Johnston, Port Herald, Fort Manning ndi Fort Jameson, omwe lero ndi Mangochi, Nsanje, Mchinji ndi Chipata, akukubwezerani ku nthawi ya atsamunda kapena zaka zoyambirira za ufulu. Kwa mabanja amene abale awo anapita kunja kukagwira ntchito, Salisbury anakhala Harare mu 1982, ndipo Lourenço Marques anakhala Maputo mu 1976. Komabe chidindo cha labala sichitayidwa tsiku limene dzina lasintha. Wojambula amapitiriza kudindira mpaka chitaperepeseka, choncho pa dzina lakale onjezeranipo zaka ziwiri kapena zitatu.

Apa pali msampha umene wakola ambiri. Mukaona dzina loti Harare kapena Harari musathamangire kunena kuti chithunzi ndi cha pambuyo pa 1982. Kale dzinali linali la komboni ya anthu akuda mumzinda wa Salisbury, imene lero ndi Mbare, ndipo n'chifukwa chake makolo athu ankati "ali ku Halale" mzindawo usanasinthe dzina.

Mtengo nawo umalankhula. Kuno kwathu kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni mu 1971. Ku Zambia kwacha inayamba mu 1968, ku Rhodesia dola ndi masenti zinayamba mu 1970, ku Joni randi inayamba mu 1961. Nambala yolembedwa ngati 2/6 ndi masheleni awiri ndi mapeni asanu ndi limodzi. Nambala yotsatana ndi kachilembo ka t ndi matambala, ya c ndi masenti. Musasokoneze mtengo ndi nambala ya filimu, imene ojambula ankalembanso kumbuyo kuti kasitomala akafuna china asavutike kufunafuna. Imeneyo imakhala manambala okhaokha atatu kapena anayi, opanda chilembo.

Dzina la kampani limakhala lotuwa, lobwerezedwabwerezedwa mopingasa, ndipo limaoneka bwino mukapendeketsa chithunzi pafupi ndi zenera. Makampani a Agfa ndi Gevaert anaphatikizana mu 1964, choncho mayina awiriwa akalembedwa pamodzi pepalalo silingakhale la kale kuposa chaka chimenecho. Pa mapepala a Kodak, mawu oti "A Kodak Paper" amapezeka kwambiri pa zithunzi za m'ma 1960, pamene oti "This paper manufactured by Kodak" ndi a m'ma 1970 ndi 1980.

Cha kwathu chija chinali ndi chidindo chofufuma cha situdiyo ina ya ku Salisbury, mawu oti Agfa-Gevaert, ndi pensulo pakona: 40c. Kumanzere ndinalemba 1964 ndi 1970, kumanja 1985, ndiye kuti 1982 kuonjezerapo zaka zitatu zija. Nkhani ya 1955 inafera pomwepo, pokhapokha chithunzicho chikanakhala chojambulidwa kuchokera pa china chakale, zimene tiziona mu gawo lotsatirali.

## 3. Lifufuzeni pepala lenilenilo

Khudzani kumbuyo ndi nsonga ya chala. Pepala lakale limamveka ngati pepala ndithu, lokhakhala pang'ono, pensulo imalemba bwino, ndipo chithunzi chimakonda kupindika m'mbali ngati tsamba louma. Pepala la pambuyo pake linakutidwa ndi pulasitiki mbali zonse: ndi loterera, limagona mosapindika, pensulo imangotsetsereka. Lokutidwali linayamba kumapeto kwenikweni kwa zaka za m'ma 1960 pa zithunzi zamitundu, n'kufalikira m'ma 1970. Likakhala loterera lembani 1968 kumanzere. Likakhala lokhakhala musalembe kanthu kumanja, chifukwa masitudiyo ang'onoang'ono anapitiriza kutsukira pa pepala lakale nthawi yaitali.

Ngati mwapeza katochi ka ndalama kaja, lowani m'chipinda chamdima muunike kumbuyo kwa chithunzi kwa masekondi ochepa. Kuyambira m'ma 1950 opanga mapepala anayamba kuthiramo mankhwala oyeretsa, ofanana ndi a mu sopo waufa, amene amawala buluu pa kuwala kotere. Pepala likawala, silingakhale la kale kuposa 1950. Likapanda kuwala simunaphunzirepo kanthu, poti si mapepala onse amene anali ndi mankhwalawo, ndipo pa ena anasukuluka potsuka.

Kenaka onani kukula ndi m'mphepete. Cha masentimita 9 ndi 14, kumbuyo kuli mzere pakati ndi mawu oti POST CARD, ndi mtundu umene masitudiyo ankaukonda kwa zaka zambiri, ndipo paokha sutiuza zambiri. Tizithunzi ting'onoting'ono ta m'mphepete modulidwa manomano ngati sowo tinachuluka kuyambira m'ma 1940 kufika koyambirira kwa m'ma 1960, koma manowo ankadulidwa ndi kachipangizo ka pamanja, ndipo amene anali nako sanakataye chifukwa choti ku Ulaya fashoni yatha. Zithunzi za mbali zinayi zofanana zinachuluka kamera ya Instamatic itatuluka mu 1963. Zamitundu za makona obulungira, zokhala ndi timadontho tomveka ndi chala, ndi za m'ma 1970 ndi koyambirira kwa m'ma 1980, ndipo zambiri lero zinafiirira ngati dothi la katondo. Za Polaroid, zija zotuluka m'kamera pomwepo, zokhala ndi mpata waukulu woyera m'munsi sizingakhale za kale kuposa 1972.

Chenjezo lalikulu la gawo lino: pepala limakuuzani nthawi imene chithunzi chinatsukidwa, osati imene munthu anajambulidwa. Munthu akamwalira, abale ankatenga chithunzi chake chokhacho kupita nacho kusitudiyo kukachijambulitsanso kuti aliyense akhale ndi chake. Chotero chimadziwika mukachikulitsa pafoni. Mumaona mzere wopindika kapena mng'alu pachithunzi, koma mukapitapo ndi chala pepala lili losalala. Nthawi zina m'mphepete mwa chakalecho mumaoneka m'kati mwa chatsopano, kapena mutu wa pini imene anachikhomera pakhoma. Nkhope zimakhala zachimbuuzi, malo akuda ali bii opanda tsatanetsatane. Cha kwathu chinalibe zonsezi. Ulusi wa pa sweta ya khanda unkawerengeka umodziumodzi.

Samalaninso ndi zopakidwa utoto ndi manja, zija milomo yofiira, diresi lobiriwira, koma zina zonse zakuda ndi zoyera. Zimenezo si zithunzi zamitundu, musaziike m'gulu la za m'ma 1970 chifukwa cha utotowo.

## 4. Chinsalu chakumbuyo, pansi, ndi katundu wa situdiyo

Anthu ambiri amayembekezera kuti chinsalu chojambulidwa chakumbuyo chiwauza chaka. Sichitero. Chinsalu chinali katundu wodula, ndipo mwini situdiyo ankachigwiritsa ntchito zaka khumi, makumi awiri, mwinanso kuchisiyira mwana wake. Mwachisawawa tingati zipilala, masitepe ndi makatani ojambulidwa ndi kalembedwe kakale, pamene ndege, nyumba zosanja ndi misewu ya m'tauni zinabwera pambuyo, ndipo mapepala osindikizidwa a mathithi ndi magombe a mitundu yowala ndi a nthawi ya zithunzi zamitundu. Koma zimenezi n'zongokupatsani chithunzithunzi, si zolemba m'kope.

Ntchito yeniyeni ya chinsalu ndi kulumikiza chithunzi chanu ndi china chimene chili ndi chaka. Yalani zithunzi zonse za m'banja patebulo, muiwale anthu, muziyang'ana kumbuyo kwawo ndi kumapazi kwawo. Funani chipilala chomwecho, mpando womwewo, mphika wa maluwa womwewo, kapeti yapulasitiki ya mabokosi akuda ndi oyera yomweyo. Pemphaninso abale a kumudzi ndi a kunja akutumizireni zawo pafoni, chifukwa anthu a mudzi umodzi akakhala kutauni kapena kumigodi ankajambulitsa pamalo amodzi.

Mukapeza ziwiri zofanana, yang'anani kuwonongeka, chifukwa katundu amangokalamba, sabwerera mwakale. Ife tinapeza china cha alongo awo a agogo, ataima okha pa chinsalu chomwecho cha masitepe ndi chipilala, kumbuyo atalemba ndi dzanja lawo kuti Khirisimasi 1974. Pa zonse ziwiri kapeti inali yong'ambika pafupi ndi mwendo wa mpando. Pa chathu kang'aluko kanali kakang'ono ngati chala. Pa cha 1974 kanali katakula mpaka anakhomerapo chigamba ndi timisomali. Ndiye kuti chathu chinayamba kujambulidwa. Kumanja kuja ndinafufuta 1985 n'kulemba 1974.

Katundu wogwiridwa m'manja amalowa kumanzere. Wailesi yobulungira ngati poto, imene inkadziwika kuti Saucepan Special, inayamba kugulitsidwa mu 1949. Wailesi ya kaseti inayamba kumapeto kwa m'ma 1960 n'kufalikira m'ma 1970. Kalendala ikaoneka pakhoma ikulitseni mpaka pomaliza: ngakhale chaka chisawerengeke, tsiku limene mwezi wayambira lingakuthandizeni kusankha pakati pa zaka ziwiri zoyandikana. Koma musaganize kuti katunduyo ndi wa ojambulidwawo. Telefoni, wailesi, wotchi, magalasi, ngakhale jekete ndi tayi, nthawi zambiri zinali za situdiyo, zobwereka kwa mphindi zisanu. Ndinaonapo anthu akukana m'bale wawo weniweni ati "iyeyu analibe wailesi".

Zithunzi za kumudzi, za wojambula woyendayenda pa njinga, zilibe chinsalu chojambulidwa. Ankakoloweka chitenje, bulangete kapena mphasa pakhoma la nyumba. Pamenepo yang'anani nyumbayo: denga linali la udzu kapena la malata, mtengo wa mango wa pabwalo unali wotalika bwanji. Akuluakulu amene sakumbukira chaka amakumbukira bwino kuti malata anakhomedwa mwana uti ali kumsana.

## 5. Zovala: ziwerengeni, koma musazikhulupirire msanga

Ndaika zovala kumapeto dala. Ndi zimene maso amayamba kuona, komanso ndi zimene zimanama kwambiri. Suti imodzi bambo ankakwatira nayo, kubatizitsa nayo ana onse, mwinanso kuikidwa nayo m'manda. Diresi linkachoka kwa mkulu kupita kwa mng'ono. Telala wa pa sitolo ya kumudzi ankasoka masitayilo amene anaphunzira ali mnyamata. Choncho musayang'ane munthu wamkulu pachithunzi. Yang'anani wachinyamata, ndipo pa iyeyo funani chovala chatsopano kwambiri.

Kwa amuna, kolala, tayi ndi miyendo ya thalauzi ndi zimene zimasintha moonekera. M'ma 1950 majekete anali otakasuka a mapewa aakulu, mathalauzi otambalala kuyambira m'chiuno opindidwa kumapazi, chipewa pamutu, tsitsi lopesedwa seda. Chapakati pa m'ma 1960 zonse zinaonda: tayi wopyapyala, kolala yaing'ono, thalauzi yothina, nsapato zosongoka. M'ma 1970 kolala inakula ngati makutu a kalulu, tayi anatambalala, thalauzi inathina m'ntchafu n'kutambalala kumapazi, nsapato zinakhala za zidendene zazitali. Kwa amayi onani utali wa diresi, kamangidwe ka duku, mawigi a kumapeto kwa m'ma 1960, ndi mapewa otukumuka ndi tsitsi la pemu a kumapeto kwa m'ma 1980.

Kuno ku Malawi tili ndi chizindikiro china. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi zovala zoonetsa maondo pagulu, ndipo linagwira ntchito mpaka nthawi yosinthira ku matipate. Amuna nawo sankaloledwa tsitsi lalitali, ndipo thalauzi yotambalala kumapazi inkamuika munthu m'mavuto. Mukaona mayi wavala diresi lolekeza pamwamba pa maondo, pali njira zitatu: chithunzi ndi cha lamulolo lisanabwere, ndi cha pambuyo pa 1993, kapena chinajambulidwa kunja kwa dziko. Yachitatuyi ndi imene anthu amaiwala. Pa chathu, mayi anavala diresi lalifupi ndi wigi, bambo kolala yaikulu ndi thalauzi yotambalala. Ku Salisbury zimenezo zinalibe mlandu, ndipo zinagwirizana bwino ndi zaka za 1970 mpaka 1974 zimene tinali titapeza kale.

Zitenje zachikumbutso ndi mphatso kwa wofufuza, chifukwa zina zimakhala ndi chaka chosindikizidwa pansalu pomwepo. Ya kubwera kwa Papa ikuloza ku 1989. Yachikasu ya chipani cha UDF singakhale ya kale kuposa 1992. Ya nkhope ya Kamuzu payokha sithandiza kwenikweni, poti inavalidwa zaka pafupifupi makumi atatu, koma kulitsani muwerenge mawu ozungulira nkhopeyo: upulezidenti unayamba mu 1966, wamuyaya mu 1971. Yunifolomu ya Mvano kapena ya bungwe lina la mpingo siyisintha msanga, choncho siyipereka chaka, koma imathandiza mwa njira ina: ikukuuzani mpingo wa munthuyo, ndipo m'banja limene ena anali a Katolika ena a CCAP, zimenezo zimachotsa theka la mayina.

## 6. Sandutsani zaka za chithunzi kukhala zaka zobadwa

Tsopano muli ndi zaka ziwiri, choyambira ndi chothera. Yerekezani msinkhu wa munthu aliyense pachithunzi, koma mupereke mpata waukulu. Kwa wamkulu, zaka khumi: osati "ali ndi 25" koma "pakati pa 20 ndi 30". Anthu akale ankaoneka aakulu pachithunzi chifukwa chovala mwaulemu ndi kusamwetulira, ndiye mukakayika tsitsani malire a m'munsi.

Masamu ake ndi awa. Pa chaka choyambira chotsani msinkhu waukulu. Pa chaka chothera chotsani msinkhu waung'ono. Kwa mayi wa pa chithunzi chathu, 1970 kuchotsa 30 ndi 1940, ndipo 1974 kuchotsa 20 ndi 1954. Anabadwa pakati pa 1940 ndi 1954. Ambiri amasemphanitsa manambalawa n'kupeza mpata wopapatiza umene umatsekera kunja munthu woyenera.

Lembani amayi onse a m'banja ndi zaka zawo zobadwa, kuphatikizapo azilamu ndi akazi a mitala. Ngati chaka sichikudziwika, gwiritsani ntchito zochitika: napolo wa ku Zomba wa 1946, njala ya 1949, chipwirikiti cha 1959. Agogo athu ankanena kuti pa njala anali atatha msinkhu kumene, ndiye anabadwa cha m'ma 1936, ndipo anatuluka pamndandanda. Amayi aakulu a 1955 anaphonya ndi chaka chimodzi chokha. Wophonya pang'ono chotere musamufufute, muikeni pambali. Iwowo anachoka pa chifukwa china, choti sanapondeko ku Rhodesia. Funso la malo linatisiyira awiri: agogo aang'ono, amene anali kumsana pa njala ija, ndi akazi a alongo awo aja a chithunzi cha 1974.

Khanda ndiye wotchi yabwino koposa, poti msinkhu wa mwana sulakwika ndi zaka. Losakhwima khosi ndi la miyezi yosakwana itatu, lokhala mochirikizidwa ndi la miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, loima logwirira ndi loyandikira chaka. Lathu linali lokhala mochirikizidwa. Makadi a ubatizo anaonetsa kuti amayi awiri otsalawo onse anabereka m'zaka zimenezo, wina mu 1971, wina mu Malichi 1972. Musadalire chovala kuti mudziwe ngati khanda ndi lalimuna kapena lalikazi, makanda onse ankavekedwa zofanana.

Apa ndi pamene nkhope inaloledwa kulowa. Tinaika bambo wa pa chithunzi chathu pambali pa alongo awo a agogo, osayang'ana mphuno kapena masaya, zimene zimasintha ndi kunenepa, koma makutu ndi mpata wa pakati pa maso. Alongo awo a agogo anali ndi makutu omatirira kumutu, winayo otambalala. Sanali munthu mmodzi. Anatsala ndi agogo aang'ono, amuna awo oyamba amene ife ana sitinawaonepo, ndi mwana wa mu Malichi 1972. Chithunzicho chinajambulidwa cha mu Ogasiti kapena Sepitembala chaka chimenecho.

## 7. Katsimikizeni kwa akuluakulu

Pitani nacho kwa wamkulu amene anakhalako nthawiyo. Ngati maso awo afooka, tsukitsani chachikulu kuchokera pa cha pafoni. Funsani kuti, "Agogo, awa mukuwadziwa?" ndipo mukhale chete. Musanene kuti "Awa si ang'ono anu aja?" chifukwa wamkulu amavomera pofuna kusakukhumudwitsani, ndipo mubwerako ndi yankho limene munapita nalo. Afunseni aliyense payekha, osati pagulu pamene mmodzi akayankha ena onse amangoti "eya, ndi omwewo". Zimene anena zilembeni m'kope pamodzi ndi dzina la wonenayo ndi tsiku. Pa chithunzi chenicheni musalembepo. Chiikeni mu envelopu, zonse mulembe pa envelopuyo musanachilowetsemo, ndipo musiyanitse zotsimikizika ndi zongoganizira.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kukhulupirira zolembedwa kumbuyo popanda kufunsa kuti analemba ndani. Dzina lolembedwa ndi bolopeni yowala pa chithunzi chachikasu ndi ukalamba linalembedwa ndi mdzukulu amene ankangoganizira ngati inuyo. Zolemba za mwini wake zimadziwika: zimakhala ngati kalata, "kwa amayi, ndine mwana wanu", osati "agogo". Mawu oti "amayi" nawonso safotokoza kanthu musanadziwe kuti wolembayo anali mwana wa yani, poti kwathu kuno amayi aakulu ndi aang'ono onse ndi amayi.

Kuganiza kuti chakuda ndi choyera n'chakale kuposa chamitundu. Masitudiyo ambiri a m'maboma anapitiriza kutsuka zakuda ndi zoyera mpaka m'ma 1980, chifukwa zimenezo ankatha kutsuka okha m'kachipinda ka mdima pamene zamitundu zinkafuna makina a kutauni. Kufiirira kapena kuchita chikasu nakonso si msinkhu. Chithunzi chosatsukuluzidwa bwino, kapena chokhala pakhoma la m'nyumba yofuka utsi, chimakalamba m'zaka zisanu.

Kudalira timanambala tofiirira ta pakona pa zithunzi za m'ma 1980 ndi 1990. Kamera inkadinda tsiku limene mwini wake anaitchera, ndipo mabatire akachotsedwa inkabwerera ku tsiku la kufakitale. Mukaona zithunzi zambiri zosiyana zochitika zonse zikuti 1 Januwale, manambalawo ataye.

Kuiwala kuti amene ali mu sutikesi ya agogo sikuti onse ndi abale. Anthu ankapatsana zithunzi ndi anzawo a kusukulu, a kumpingo, a ku Theba kumigodi ya ku Joni, ndi zibwenzi zimene sizinafike paukwati. Zaka zobadwa zimene mwapeza zikapanda kugwirizana ndi aliyense m'banja, musazikokere kuti zimukwane wina. Bwererani ku gawo lachiwiri mukaone ngati munawerenga bwino chidindo, ndipo chikakhala kuti chili bwino, funsani akuluakulu za anzawo a mwini sutikesiyo amene ankakhala nawo m'tauni yolembedwa pa chidindocho.